Drafuti ya Maenje ku Biriwiri

Ku Biriwiri, pamsewu waukulu pamene magalimoto amaima kugula kachewere ndi kabichi, palibe amene anamuonapo Lufina atakhala pansi mpaka tiyi kuzizira. Akaunjika matimati amawagumula n'kuunjikanso, ati mulu wapendama. Akamaphika amakhala akusesa, ndipo akamasesa amakhala akukalipira nkhuku. Ngakhale kutchalitchi, ulaliki ukatalika, mwendo wake umayamba kugwedera mpaka benchi yonse kudziwa kuti Lufina watopa. Mayi ake ankati anabadwa mwezi usanakwane chifukwa m'mimba munamuchedwetsa.

Anabadwira pomwepo, pamtunda woyang'anizana ndi minda ya ku Mozambiki, ndipo sanachokepo. Amene anachita kubwera ndi amuna ake, a Silvester, ochokera ku Kandeu. Anadzalowa chikamwini zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo atanyamula khasu, bulangete ndi wailesi. Pamalo a akuchikazi anaumbapo njerwa, anamanga nyumba ya malata, anagumula tsala lamiyala n'kulisandutsa munda wa kachewere. Anali munthu wosalankhulalankhula. Chimene chinkawamasula pakamwa chinali chimodzi basi, drafuti. Akaweruka kumunda ankapita pansi pa chisakasa cha kumsika, pafupi ndi pamene Lufina amagulitsira, n'kukhala moyang'anizana ndi aliyense wodzimva kuti ndi katswiri. Kumeneko ankaseka, ankanyoza, ankamenyetsa chitsekerero cha botolo pathabwa loseweralo mpaka agalu kudzidzimuka.

Kenako matenda a shuga anawalowa m'maso. Poyamba ankangoti kunja kwachita nkhungu, mwinanso n'chisanu cha ku Ntcheu kuno. Chaka chatha nkhunguyo inasanduka mdima. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti anachedwa, maso sabwereranso. Kuchokera pamenepo a Silvester anakhala munthu wa pampando wa pakhonde. Akawaika m'mawa, madzulo amawapeza pomwepo, manja ali pamaondo.

Chimene chinaswa zinthu ndi pakamwa pa a Gracian, achimwene ake a Lufina, amene amayang'anira mbumba yawo. Tsiku lina Lamlungu anabwera kudzakamba za dimba la kudambo, ndipo ataima pabwalo anafunsa Lufina kuti kodi chaka chino alima ndani, poti alamu awo tsopano angokhala odikirira mbale. Ananena chapansipansi, koma anaiwala kuti munthu amene wataya maso makutu ake amakhala tcheru. Lolemba m'mawa a Silvester anapempha mwana wawo Cathy kuti awaimbire mng'ono wawo Elson ku Kandeu. Anamuuza kuti Loweruka abwere ndi njinga yamoto adzawatenge.

Lufina analankhula tsiku lonse. Anatukwana a Gracian iwo palibe, analira, anatchula njerwa iliyonse ya nyumba ija. A Silvester anamulola mpaka mpweya unamuthera.

“Amake Cathy, ine pano ndinabwera ndi manja,” anatero. “Mkamwini amakhala ndi manja ake. Anga atha ntchito, ndiye ndikafere kwathu anthu asanatope nane.”

Usiku umenewo Lufina anatembenuka pamphasa mpaka nthiti kuwawa. Ankaopa, ndipo mantha ake anali a chinthu chimodzi chodziwika bwino: Loweruka lifika, njinga ibwera, ndipo munthu amene wakhala naye theka la moyo wake akwera kumbuyo ngati thumba la chimanga.

Lachiwiri kumsika anagulitsa mosokoneza, mpaka anapatsa munthu kabichi atapempha anyezi. Maso ake ankangopita kuchisakasa kuja kumene amuna awiri anali atawerama pathabwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wakhala akuwaona anthu amenewa. Sanakhudzepo chitsekerero, popeza mkazi sakhala pamenepo, koma anali kuona. Tsiku limeneli anazindikira chinthu chimene chinali pamaso pake nthawi yonseyi. Osewerawo sasiyanitsa zitsekerero zawo ndi mtundu ayi. Wina amaika zake chafufumimba, msana wosalala uli pamwamba, winayo amagadamiza zake, mano ali m'mwamba. Zimenezo chala chikhoza kuzimva popanda diso. Vuto linali thabwa lokha, chifukwa mabokosi ake ndi ojambula chabe, ndipo dzanja lofufuza lingakankhe zonse n'kuzimwaza.

Sanadikire kuti aganize kawiri, poti Lufina ndi kudikira n'zosayenderana. Anasiyira mnzake matimati, anathamangira kugolosale kukapempha katoni ya sopo. Anazungulira kuseri kwa malo omwera mowa, mayi wa mvano wathunthu atawerama ngati nkhuku, kutola zitsekerero za mabotolo. Achinyamata anamufunsa ngati wayamba bizinesi ya zitsulo, iye anawauza kuti akafunse amayi awo. Anatola zoposa makumi anayi, chifukwa zambiri zimakhala zitapindika pamene chotsekulira chinaluma. Kunyumba anazitsuka ndi sopo, nasankha makumi awiri ndi zinayi zowongoka bwino, khumi ndi ziwiri za mbali iliyonse.

Lachitatu anabisala m'khitchini ndi lezala. Anadula zidutswa ziwiri za katoni zofanana. Pa chimodzi anajambula mabokosi asanu ndi atatu chopingasa, asanu ndi atatu chotsika, lililonse lotambalala ngati zala zitatu, rula yake ili kathabwa ka m'bokosi la matimati. Nzeru yake inali yoti adule mabokosi onse oseweramo, makumi atatu ndi awiri, n'kumata katoni yobookayo pamwamba pa inzake kuti zitsekerero zizikhala m'maenje. Anadula mwaphuma monga achitira zonse. Atafika mzere wachitatu, katoni inayamba kuyoyoka m'manja mwake. Mabokosi oseweramo amakhudzana m'ngodya, ndiye ukawachotsa athunthu, otsalawo sakhala ndi chowagwira. Anatsala ndi mulu wa tizidutswa pamiyendo ndi chala chotuluka magazi.

Anaponya lezala kukhoma. Kuchokera pakhonde a Silvester anafunsa kuti chikung'ambika n'chiyani m'khitchinimo, iye anayankha kuti ndi makoswe. Iwo anati makoswe a masiku ano amatukwana bwino.

Linali litatsala Lachinayi ndi Lachisanu. Cathy, amene ali ndi mtima wa bambo ake, ndiye anaona mulu uja n'kunena mosathamanga kuti chitsekerero n'chozungulira, nanga dzenje likhaliranji la ngodya zinayi. Lufina anamuyang'ana mokwiya, chifukwa mwanayo ankanena zoona. Lachinayi anakapemphanso katoni ina, mwini golosale akudandaula kuti amugwetsa. Ulendo uno anatenga kakapu koyezera mchere, kokulirapo pang'ono kuposa chitsekerero, n'kumakazunguliza ndi pensulo pakati pa bokosi lililonse loseweramo. Anadula maenje ozungulira, limodzilimodzi, akuluma mlomo kuti dzanja lisathamange. Pakati pa dzenje ndi dzenje panatsala katoni yokwanira, ndipo chinthucho chinagwirana.

Pomata anayamba ndi phala la ufa wa chinangwa pakangodya, koma ataona kuti katoni yayamba kufewa ndi kupindika analeka msanga. Anatenga singano yosokera matumba a kachewere ndi ulusi wake, nasoka zidutswa ziwirizo kuzungulira m'mphepete ndi mizere iwiri pakati. Imeneyo ndiyo ntchito imene manja ake amaidziwa ngakhale ali m'tulo. Panatsala nkhani ya kingi. Kumsika chitsekerero chikafika kumapeto amachisanjikiza ndi chinzake, koma zosanjikiza zingagwe chala chikangozigunda. Lufina anasonkhanitsa zitsekerero za pulasitiki za mabotolo a madzi, zazitali bwino, kuti ndizo zikhale makingi, za mbali ina zovundikira, za mbali ina zogadama.

Lachisanu madzulo chisanu chinatsika molawirira. Atadya, Cathy anayatsa nyale ya sola, nakokera mbaula pakati. Chikwama cha a Silvester chinali kale pafupi ndi chitseko, atachilongedza okha mofufuza. Lufina anali ataitana a Gracian, ati adzatsanzikane ndi alamu awo, ndipo anabwera atavala chijasi, manyazi ali pankhope. Kenako Lufina anaika katoni ija pakatebulo, anagwira dzanja la amuna ake n'kuligoneka pamwamba pake.

Zala za a Silvester zinayenda pang'onopang'ono. Zinatsata ulusi wa m'mphepete, zinalowa m'dzenje loyamba, zinadumphira lachiwiri, zinawerenga mzere wonse. Kenako anagwira katoni ndi manja awiri n'kuitembenuza kamodzi.

“Mwaiika molakwika,” anatero. “Dzenje la pangodya limakhala kumanzere kwa wosewera.”

Anali mawu oyamba a ukali kutuluka pakamwa pawo m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo Lufina anawalandira ngati mphatso. Anafotokoza za makingi a pulasitiki mothamanga, mawu akupondana. Iwo anangoti mm, akuyala zitsekerero zawo chafufumimba m'mizere itatu yoyamba. A Gracian anakhala mbali inayo n'kugadamiza zawo.

Anagwirizana kuti wina akasuntha, a Silvester azipatsidwa nthawi yoyendetsa zala pakatoni yonse. Masewera oyamba anatha msanga, a Silvester atapambana. Achiwiri chimodzimodzi. Cathy anaomba m'manja, a Gracian anaseka kwambiri kuposa mmene nkhaniyo inkafunira, n'kumati alamu akadali moto. Koma Lufina, amene anali ataima chifukwa mpando unkamuwotcha, anaona zimene zinkachitika. Achimwene ake ankakankhira zitsekerero pakamwa pa mdani mwadala, ngati munthu wodyetsa mwana phala. Anaonanso kuti nkhope ya amuna ake ikuuma.

Pakati pa masewera achitatu a Silvester anachotsa manja pakatoni.

“Alamu, ine ndataya maso, mutu ndili nawo. Apa mwaika apa ngakhale mwana wa sitandade wani sangaikepo. Mukundimvera chisoni.” Anatembenukira kumene kunali mpweya wa Lufina. “Ndiye mwavutika masiku atatu kuti mundipangire chidole? Cathy, ndiperekeze ndikagone. Mawa ndili ndi ulendo.”

Lufina anamva kuti zonse zathera pomwepo, chala chodulidwa, manyazi a kuseri kwa malo a mowa, zonse. Chisoni chinabwera, koma mkwiyo unachipitirira. Anakoka achimwene ake pajasi kuwachotsa pampando, zimene sanachitepo chibadwire, nakhalapo yekha.

“Khalani pansi, bambo a Cathy. Musewera ndi ine.”

Iwo anaseka kaphwete kowawa n'kufunsa kuti drafuti anaiphunzira liti. Lufina anati zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wakhala akumva phokoso lawo kuchisakasa, ndipo akudziwa kuti mzere wakumbuyo sausuntha mpaka zitavuta, komanso kuti amakonda kupereka chimodzi kuti adye zitatu. Anawonjeza kuti iye sadyetsa munthu wamkulu phala. A Silvester anaima kanthawi, dzanja lili paphewa la Cathy, kenako anakhala.

Lufina anasewera ngati mmene amagulitsira, mopanda chifundo. Ankadziwa kuti pa drafuti chakudya chikapezeka sukana, umadya basi, ndiye msampha umafunika kuuona usanatcheredwe. Ataona amuna ake akusonkhanitsa zitsekerero kumanzere monga mwa chizolowezi chawo, anachotsa zake panjira. Mwendo wake unkagwedeza tebulo mpaka Cathy anaugwira. A Silvester anali asanazolowere kuona ndi zala, ndipo panali chitsekerero chimodzi cha Lufina cha m'mphepete chimene anachiphonya pofufuza. Lufina anaona kuti achiphonya. Mtima wina unamuuza kuti awachenjeze, koma anaumeza. Anapereka chimodzi, iwo anadya poti panalibe kuchitira mwina, ndipo cha m'mphepete chija chinalumpha kawiri n'kukagwera mzere womaliza. Lufina anachichotsa n'kuikapo cha pulasitiki. Kingiyo inasesa zotsala, ikuyenda kuchoka ngodya kufika ngodya.

A Silvester anafufuza katoni yonse kawiri, osakhulupirira.

“Yalaninso,” anatero.

“Ndatopa. Mawa madzulo.”

“Mawa ndikupita.”

“Pitani. Mukawauze a ku Kandeu kuti wakudyani ndi wogulitsa matimati.”

Ananyamula katoni yake n'kukaiika pamwamba pa kabati. A Gracian anatsanzika mwakachetechete, ndipo palibe anawaperekeza.

Loweruka njinga inafika dzuwa litangotentha pang'ono. Lufina sanapite kumsika. Anasesa bwalo katatu, anatsuka mbale zotsuka kale, makutu ali pakhonde pamene abale awiriwo ankalankhulana. Anamva Elson akufunsa za chikwama. Anamva amuna ake akuti pali kanthu kena kakang'ono kamene sanamalize, abwerere kaye, amuimbira akamaliza. Elson anadandaula za mafuta ndi za msewu wa ku Kandeu, anamwa tiyi, anamangirira kabichi ziwiri kumbuyo n'kupita. Chikwama chinatsala pomwe chinali, chosamasula.

Wina akanapuma pamenepo, koma Lufina anaona bwino lomwe kuti wangogula masiku, ndipo mtengo wake ndi kupambana madzulo aliwonse. Anakhazikitsa lamulo loti masewera ndi amodzi patsiku, ati nyale ya sola imatha moto, ngati kuti amuna ake nyaleyo ankaifuna. Loweruka lomwelo anapambananso, movutikira. Lamlungu ulaliki wonse sanaumve, m'mutu muli maenje okhaokha, ndipo madzulo anatsala ndi kingi imodzi aliyense n'kugwirizana kuti palibe wapambana. Lolemba anachita chimene sichinaonekepo ku Biriwiri. Anasiya matimati, anapita kuchisakasa, anauza amuna aja kuti asendere, ndipo anawalamula kuti amuonetse misampha yonse imene amaidziwa. Anamuseka, kenako anamuphunzitsa, ndipo madzulo ake anapulumukira pakamodzi mwa misamphayo.

Koma zala za a Silvester zinkaphunzira mofulumira kuposa mutu wa Lufina. Masana ankapempha Cathy kuti awatsitsire katoni, n'kumasewera okha mbali zonse ziwiri pakhonde. Pofika Lachiwiri sankafufuzanso katoni yonse. Ankangogunda apa ndi apo, zina zonse zili m'mutu. Madzulo amenewo Lufina anaona msampha mochedwa. Anadya chimodzi chimene anapatsidwa, ndipo chitsekerero cha amuna ake chinalumpha katatu, chikumenyetsedwa m'dzenje lililonse mpaka tebulo kulira. Pasanapite nthawi zake zonse zinali mulu pambali pa dzanja lawo.

Cathy sanaombe m'manja. Lufina anayang'ana chikwama chili pafupi ndi chitseko, anayang'ananso foni imene inali m'thumba la malaya a amuna ake. Kanthu kakang'ono kaja kanali katatha. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mwendo unaleka kugwedera, ndipo anangokhala.

A Silvester anali akuyendetsa chala m'mphepete mwa dzenje lina limene linayamba kunyenyeka. Anatsina ngodya ya katoni, anaipinda pang'ono, anapukusa mutu.

“Katoni ya sopo iyi ndi yofewa, siingaone mvula ya Disembala,” anatero. “Mawa mukapemphe yokhuthala, ija amanyamuliramo mafuta ophikira. Inu mudzajambule, kudula ndidula ndekha. Maenje anuwa ena ndi opotoka.”

Lufina anamvetsa kuti munthu wa ulendo sawerengera mvula ya Disembala. Anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuyamba kutolera zitsekerero zake.